Madola a Pafoni ndi Fodya wa Pachala

Ndinagwira ukalaliki pa esiteti ina ya fodya kuno ku Lisasadzi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo ntchito imene ndinkaidziwa kuposa zonse inali yowerenga sela shiti. Alimi oyandikana nafe ankabwera nako kapepala kaja atakapinda kanayi, kali bii ndi thukuta la m'thumba, n'kukhala pakhonde la ofesi.

“Akalaliki, tationereni. Ndalama yathu yalowera kuti?”

Ku okushoni ku Chinkhoma anamva ndi makutu awo kuti belo lapita pa $2.50 pa kilo. Pobwerera anachulukitsa ndi makilo 100, anagula kale malata m'mutu, anabweza ngongole ya feteleza m'mutu momwemo, ina n'kutsalako ya njinga. Koma ku banki anapeza ndalama yowonda. Ine ndinkatsetsereka ndi chala mzere ndi mzere: apa a okushoni atengapo yawo, apa msonkho, apa chiguduli, apa thiransipoti, apa ngongole, ndipo apa ndi pamene dola yasanduka kwacha. Panalibe wakuba. Aliyense amene belo linadutsa m'manja mwake anatapapo yake, ndipo mlimi anali asanawerengere manjawo.

Esiteti itatha mphamvu ndinayamba kumasulira mabuku ndi timapepala ta zaulimi kuchokera m'Chingerezi kupita m'Chichewa, makasitomala anga ali kunja kwa dziko, tikukumana pa intaneti. Tsono inu aphwanga amene mwayamba kugwira maganyu a pa intaneti, kaya mumajambula zizindikiro za makampani, kaya mumalemba, kaya mumakonza mavidiyo, ndikuuzeni: ine wowerenga sela shiti za anthu ena ndinagwa m'mbuna yomweyo. Nditaona $300 yoyamba ikuwala pafoni, ndinachulukitsa ndi mtengo wa dola umene ndinamva pa wailesi, n'kuuza mayi a kunyumba kuti fizi ya ana yapezeka. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Madola amene mukuwaona pagalasi la foni ali pachala.

Tiyeni tiyende nayo ntchito imodzi kuchokera kwa kasitomala mpaka m'thumba. Inali ya mu Julayi 2024, kabuku ka kasungidwe ka chimanga, pa Fiverr, mtengo $300.

Kasitomala sakulipirani inuyo. Amalipira kampani ya msikawo ntchito isanayambe, ndipo kampaniyo imaisunga ndalamayo pakati, kuti iye asathawe ndi ntchito yanu, inunso musathawe ndi ndalama yake. Ndicho chinthu chachikulu chimene mumagula pa misika imeneyi, ndipo mtengo wake si wamasewera: Fiverr imatenga 20 peresenti. Pa $300 panachoka $60, kutsala $240.

Kenako masiku. Ndinatumiza ntchito Lolemba pa 1 Julayi. Kasitomala anangoti zii, mwina anali patchuthi. Pa Fiverr, kasitomala akakhala chete masiku atatu, ntchito imatengedwa kuti yalandiridwa, choncho inatsekedwa Lachinayi pa 4 Julayi. Apa ndi pamene ambiri amayamba kulonjeza anthu. Musatero. Ndalama imakhala kaye masiku 14 ikudikira, mukuiona koma simungaikhudze, chifukwa kasitomala amene analipira ndi khadi akhoza kukadandaula ku banki yake kuti ndalamayo ibwezedwe, ndipo kampani imafuna nthawi yoti fumbi lidikhe. Yanga inamasuka pa 18 Julayi. Ku Upwork kawerengedwe ndi kena: pa ntchito ya mtengo wokhazikika kasitomala ali ndi masiku 14 oti aione, ndipo akavomereza pamabweranso masiku asanu odikira. Kulikonse kumene mungagwire, phunzirani kusiyanitsa ndalama yolembedwa kuti Pending ndi yolembedwa kuti Available. Yoyambayo ndi fodya amene akadali m'chigafa.

Kuchoka pa msika, ndalama siibwera yokha ku Kasungu. Imafuna wonyamula. Ine ndimagwiritsa ntchito Payoneer, kampani imene imalandira madola m'malo mwanu n'kuwatumiza ku banki yanu ya kuno. Posamutsa kuchokera pa msika kupita kumeneko pamachoka timadola tochepa. M'masamu athuwa tiike $3, kutsala $237. Inafika mawa lake, Lachisanu. Madzulo a tsiku lomwelo ndinalamula kuti ipite ku banki yanga. Pa ulendo wachiwiriwu wonyamulayo amatha kudula mpaka 3 peresenti, ndiye kuti pafupifupi $7. Kutsala $230. Loweruka ndi Lamlungu mabanki sayendetsa ndalama zotere, ndiye masiku awiriwo musawawerenge. Uthenga wa ku banki unalira pafoni Lachinayi pa 25 Julayi, patatha masiku 24 chitumizireni ntchito, ndipo ntchitoyo ndinali nditaigwira masiku khumi. Mwezi wathunthu ndi masiku angapo, kuchokera tsiku limene ndinayamba kugula bandulo ndi kulipira kotchajitsa laputopu.

Tsopano mzere womaliza wa sela shiti, umene unkawawa alimi anga kuposa yonse. Pa bolodi la mu banki pamakhala mitengo iwiri ya dola. Waukuluwo ndi umene banki imagulitsira dola kwa munthu woifuna, ndipo ndi umene umatchulidwa kwambiri m'nyuzi: kuyambira mu Malichi 2024 unali K1,751. Waung'onowo ndi umene banki imagulira dola kwa inu, ndipo nthawi imeneyo unali pafupifupi K1,717. Inu ndinu wogulitsa, wanu ndi waung'onowo. $230 kuchulukitsa ndi K1,717 ndi K394,910, banki isanatengepo yake yolandirira. Masamu a m'mutu a tsiku loyamba, $300 kuchulukitsa ndi K1,751, amapereka K525,300. Kusiyana kwake ndi K130,000 ndi kupitirira. Pa makwacha anayi alionse amene ndikanalonjeza, imodzi sinali yanga.

Chimene ndinaphunzirapo ndi kutchula mtengo chobwerera m'mbuyo. Ndikafuna K500,000 m'manja pa reti ya 2024 ija, ndimagawa ndi 1,717 n'kupeza $291. Ndimabwezerapo 3 peresenti ya wonyamula, ifike $300, kuonjezera $3 ija, $303. Kenako ndimagawa ndi 0.8 chifukwa cha gawo la msika, ndipo yankho ndi $379. Kasitomala ndimamuuza $380. Mitengo ya makampaniwa imasinthasintha, choncho tsegulani tsamba lawo la zodula musanawerengere, koma kayendedwe ka masamu ndi komweka. Mnyamata amene amatchula $291 poganiza kuti ndiyo K500,000 amagwira sabata imodzi mwa zinayi zilizonse kwaulere.

Komabe zodulazi sizinandigonetsepo ndi njala. Chimene chinandigonetsa ndi njala ndi dzina.

Pa ubatizo ndine Yosefe, ndipo pa chiphaso cha unzika chimene tinajambulitsa mu 2017 analemba choncho. Akaunti ya ku banki ndinatsegula kale ndili pa esiteti, ndi kalata ya abwana, ndipo pamenepo ndinali Joseph, ndi chilembo china pakati choimira dzina la bambo anga. Pa intaneti, pofuna kuoneka wamakono, ndinadzitcha Joe. Kwa amfumu, kwa abusa ndi kwa aliyense pa Lisasadzi pano ameneyu ndi munthu mmodzi. Kwa makina a kampani yonyamula ndalama ndi anthu atatu, ndipo mmodzi mwa iwo akufuna kutenga ndalama za anzake. Kampani ina imene ndinayamba nayo inaimitsa ndalama yanga yoyamba n'kupempha chiphaso. Ndinajambula chiphasocho usiku ndi nyali ya foni ina, kuwala kunaphimba theka la nambala, anakana. Ndinajambulanso, chala changa chinabisa ngodya, anakananso. Yankho lililonse linkatenga masiku. Atachilandira anati dzina la pa chiphaso silikufanana ndi la ku banki. Ndinakwera minibasi kupita ku boma, n'kukapeza mzere wa nyengo ya fodya wotulukira panja.

“Bambo, dzina sitisintha ndi pakamwa,” anatero mayi wa pa kauntala. “Mulembe kalata, mubwere ndi chiphaso chenicheni ndi fotokope yake.”

“Mayi, chiphaso ndi ichi, ndili nacho pompano.”

Anachitembenuza, n'kundilozera ndi cholembera pa deti la kumapeto. Chinali chitatha ntchito miyezi iwiri m'mbuyomo, ine osadziwa.

Masabata asanu ndi awiri anatha ndalama ili m'malere. Wolakwa panalibe wina koma ine. Makampani amenewa ndi mabanki amakakamizidwa ndi malamulo oletsa kuzembetsa ndalama zakuba kuti adziwe mwini wake wa ndalama iliyonse, ndipo lamulo lawo ndi limodzi: dzina la pa msika, la kwa wonyamula ndi la ku banki likhale lofanana ndi la pa chiphaso, chilembo ndi chilembo. Choncho lambulani msewu katundu asanabwere. Musanafunsire ntchito ngakhale imodzi, tulutsani chiphaso cha unzika, onani deti lake lothera, ndipo dzina limene lili pamenepo ndilo mulembe paliponse, ngakhale a NRB analakwitsa chilembo. Dzina lokometsera liikeni pamene makasitomala amaona, osati pamene palembedwa kuti Legal name. Chiphaso jambulani masana, pamthunzi, mutachiika pa nsalu yakuda, ngodya zonse zinayi zikuoneka.

Adzafunanso umboni wa kumene mumakhala. Akunjawo amaganiza kuti munthu aliyense ali ndi bilu ya magetsi kapena ya madzi yolembedwa dzina lake. Kuno mabanki athu amamvetsa, amalandira kalata ya amfumu kapena kamapu kojambula ndi dzanja kosonyeza mtengo wa mango ndi mjigo. Kampani ya kunja siidziwa chidindo cha amfumu. Chimene imalandira ndi sitetimenti ya ku banki yatsopano, yosapitirira miyezi itatu, yokhala ndi dzina lanu ndi keyala. Ndiye pitani ku banki mukaone keyala imene anakulemberani, kaya ndi bokosi la positi la sukulu kapena la mpingo, ndipo imeneyo ndiyo mukopere pa intaneti mosasintha kanthu. Nambala ya foni nayonso ikhale yolembetsedwa pa chiphaso chanu. Manambala achinsinsi olowera mu akaunti amabwera pa simu khadi imeneyo, ndipo ikatayika, amene angakaibwezeretse ndi mwini chiphaso. Ngati munalembetsa pa chiphaso cha chibwenzi, pempherani kuti chibwenzicho chisathe.

Ndikudziwa chimene ena mukuganiza: bwanji osangogwiritsa ntchito akaunti ya achimwene, imene ikuyenda kale? Ndaona abale akusiya kulankhulana chifukwa cha zimenezi. Kampani ikazindikira kuti wogwira ntchito ndi wina, wolandira ndi wina, imatseka onse awiri, ndalama zili momwemo. Ikapanda kuzindikira, ndalama imalowa m'thumba la achimwene, amene nawonso ali ndi mavuto awo, ndipo mudzamva kuti “aphwanga, ndinangobwerekako pang'ono ya maliro aja.” Mukadandaula kwa ndani? Pa pepala ndalamayo ndi yawo.

Polumikiza banki adzakufunsani nambala ya akaunti ndi SWIFT code. Imeneyi ndi keyala ya banki pa dziko lonse, ya zilembo 8 kapena 11. Ya National Bank of Malawi ndi NBMAMWMW, ya Standard Bank ya kuno ndi SBICMWMX. Onani chilembo chachisanu ndi chachisanu ndi chimodzi: MW, kutanthauza Malawi. Mukakopera pa intaneti n'kuona ZA pamalo amenewo, mwatenga ya ku Joni, ndipo ndalama yanu ikayendayenda masabata isanabwerere, itaonda. Njira yabwino ndi kufunsa ku nthambi yanu kuti akulembereni papepala. Fomu ikafunsa IBAN, dziwani kuti mabanki a ku Malawi sagwiritsa ntchito nambala imeneyo, musapeke. Ndipo ulendo woyamba tumizani ndalama yochepa imene akulola, muone ngati ifika, masiku angati, itadulidwa zingati. Mlatho watsopano sitiuyesa ndi ngolo yodzaza.

Pali zodula za mitundu iwiri, ndipo wosazisiyanitsa amataya ndalama mwakachetechete. Ina ndi ya peresenti, imakula ndi katundu. Ina ndi yokhazikika, ngati lole imene imalipiritsa ulendo wonse kaya mwakweza belo limodzi kaya makumi atatu. Waya wa SWIFT wochokera pa msika kulunjika ku banki yanu ndi wa mtundu wachiwiriwu. Madola sauluka kuchokera kwa wotumiza kudzatera ku Kasungu. Amadutsa pa banki yapakati, kawirikawiri ku New York, imene banki yanu ili nayo akaunti, ndipo yapakatiyo imatha kutapapo yake. Tiyerekeze kuti zonse pamodzi ndi $50. Pa $240 yanga ija, $50 ndi kuposa gawo limodzi mwa magawo asanu, pamene 3 peresenti ndi $7 yokha. Koma pa $3,000, waya ukadali $50 pamene 3 peresenti yafika $90. Pamene njira ziwirizi zimakumana ndi pafupi ndi $1,700. Pansi pa pamenepo yendani ndi wa peresenti, pamwamba pake ganizirani waya. Ndi chifukwa chomwechi simuyenera kutapa $20 lero, $35 mkucha. Unjikani, muzitapa kamodzi pa mwezi. Onaninso ngati wonyamula wanu ali ndi ndalama ya pachaka. Payoneer imadula $29.95 pa chaka kwa amene akaunti yake ikulandira zochepa, ndiye musatsegule lero ngati ntchito mudzayamba chaka cha mawa.

Kuunjika kuli ndi malire ake. Mu Novembala 2023 Reserve Bank of Malawi inagwetsa kwacha ndi 44 peresenti, dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Amene anatapa $500 sabata ya m'mbuyo mwake analira, amene anachedwa anaseka, ndipo kuyambira pamenepo ndimamva achinyamata akuti ndisunga madola kunja mpaka kwacha idzagwenso. Tsiku limenelo palibe amene adzakunong'onezeni. Komanso akaunti ya pa msika si banki. Ikhoza kuimitsidwa mawa chifukwa cha dandaulo la kasitomala mmodzi, ndipo ofesi yake simungaifikire pa kabaza. Ngati mwayamba kulandira zochuluka ndithu, kafunseni ku banki za akaunti ya ndalama zakunja, imene amaitcha FCDA, ndipo mufunsitse kuti ndi gawo lanji la madolawo limene lamulo likufuna kuti lisinthidwe kukhala kwacha, poti malamulo amenewa asinthidwa kangapo.

Tsopano nkhani imene sindingaizembe, chifukwa mukuidziwa kale. Mtengo wa dola wa ku banki ndi wa mumsewu zinatalikirana kwambiri, mpaka nthawi zina wa mumsewu kuposa wa ku banki kawiri. Zimawawa. Feteleza, laputopu ndi sopo zimatsata mtengo wa mumsewu, pamene thukuta lanu likugulidwa pa mtengo wa pa bolodi. Alimi a fodya akhala akulira kulira komweku. Ndiye amatulukira munthu pa WhatsApp, waulemu bwino: “Bwana, musavutike ndi banki. Tumizani madolawo ku akaunti yanga ya kunja, ine ndikuponyerani kwacha pa foni, pa reti yabwino.”

Ameneyu ndi venda wa fodya amene amafika pa chigafa mu Febuluwale ndi ndalama m'manja. Sindikunamizani kuti onse amathawa. Ena amalipiradi, kamodzi, kawiri, katatu. Koma taonani mmene malondawo akhalira. Woyamba kutumiza ndinu, ndipo madola akachoka sabwerera. Mnyamata wina wa kufupi kuno anayesa ndi $40, inabwera bwino. Anayesa $60, inabwera. Atatumiza $350 ya mwezi wonse, chithunzi cha munthu uja pa WhatsApp chinazimiririka. Ku polisi sanapite, chifukwa akanayamba ndi kudziulula yekha: kugulitsa ndalama zakunja kwa munthu amene si banki kapena byulo yovomerezeka ndi mlandu m'dziko muno. Palinso china chimene ambiri saganiza. Kwacha imene akukuponyeraniyo simudziwa kumene yachokera. Ikakhala yoberedwa kwa mayi wina amene ananamizidwa pa foni, ofufuza akamatsata mapazi a ndalamayo adzafika pa nambala yanu, osati yake. Ndipo akaunti yake ya kunja ikadzagwidwa, onse amene anatumizako amaunikidwa. Chikomekome cha mkuyu. Ine ndinasankha kudya pang'ono n'kumagona tulo, ndipo kusiyana kwa retiko ndimakubwezera pa mtengo umene ndimatchula kwa kasitomala. Sikubwerera konse, ndivomere.

Venda wina amabwera atavala nkhope ya kasitomala. Mwakambirana bwino pa msika, kenako akuti tichoke pano, 20 peresenti ija tigawane, ndikulipira mwachindunji. Mukangochoka, uja wosunga ndalama pakati palibenso. Mudzalandira chithunzi cha risiti yokongola, kapena imelo yooneka ngati yochokera ku kampani yonena kuti ndalama yanu yaima, mulipire kaye $30 kuti imasuke. Pozindikira pake ndi pomwepo: wonyamula weniweni amadula pa ndalama imene wanyamula, sapempha kuti mumutumizire ina. Ndalama yafika pokhapokha mutalowa nokha mu akaunti, polemba nokha keyala ya tsambalo, n'kuiona. Kuonjezera apo misikayi imatseka akaunti ya wopatutsa kasitomala, ndipo nyenyezi zonse zimene munazisonkhanitsa zaka ziwiri zimapita nayo. Makasitomala amene munawapeza nokha kunja kwa msika ndi nkhani ina. Amenewo alembereni invoisi, alipire theka ntchito isanayambe. Ena adzafuna kutumiza pa Mukuru kapena Western Union monga amachitira achibale a ku Joni. Ndalama imafika msanga ndithu, koma njira zimenezo anazikonzera kwambiri zothandizana pachibale, ndipo sizikusiyirani mbiri ya bizinesi imene banki ingaione tsiku limene mudzafune ngongole.

Nanga masiku akadutsa ndalama osaoneka? Musathamangire ku banki ndi mawu okha akuti ndalama yanga sinafike, adzayang'ana pa kompyuta n'kukuuzani chomwecho. Yambani mwawerenga masiku ogwira ntchito okha, kuchotsa Loweruka, Lamlungu, maholide a kuno ndi a ku Amereka omwe. Akapitirira asanu, lowani kwa wonyamula muone ngati akuti ndalama inatumizidwa kapena ikadali kuunikidwa. Ngati ikuunikidwa, vuto lili kumeneko, ndipo kawirikawiri pali uthenga wopempha chikalata umene simunauone. Ngati inatumizidwa, tsitsani chikalata chotsimikizira, chokhala ndi deti, kuchuluka kwa ndalama ndi nambala ya ulendowo. Pa waya wa SWIFT chikalata chimenechi anthu a m'mabanki amachidziwa ndi dzina loti MT103. Chisindikizeni, ndipo ku nthambi mupemphe kuti achitumize kwa amene amaona za ndalama zakunja ku likulu lawo. Nthawi zambiri ndalama imakhala itafika kale, ikungodikira kuti mwini wake anene kuti ndi ya chiyani. Apa ndi pamene invoisi kapena tsamba la pa msika losonyeza ntchito ndi malipiro ake limakuombolani. Yankhani zoona: malipiro a ntchito yomasulira, kapena yojambula. Mukati ndi mphatso ya mnzanga pamene pepala likuonetsa dzina la kampani, mwadziutsira mafunso ena khumi.

Ine ndili ndi kope la sukulu la mizere, ndipo ntchito iliyonse ili ndi mzere wake: deti lotumiza, mtengo, zodula za msika, zodula za wonyamula, reti ya tsikulo, kwacha imene inalowa. Ndi sela shiti yanga. Imandithandizanso ku MRA, chifukwa ntchito yogwiridwa muli m'Malawi muno ndi yoyenera msonkho ngakhale wolipira ali ku Canada. Tengani TPIN ndipo mukafunse ku ofesi yawo mmene mungalembere. Fomu ya W-8BEN imene Upwork imakupatsani isakuopseni, imangonena kuti si inu wokhoma msonkho wa ku Amereka.

Ndalama ikalowa mu banki, ulendo watsala waufupi koma nawonso uli ndi manja ake. Mukhoza kupita ku boma kukatapa pa makina, kulipira minibasi kupita ndi kubwera, n'kukaima pa mzere ndi alimi onse a boma la Kasungu ngati ili nyengo ya okushoni. Kapena mukhoza kuikankhira ku Airtel Money kapena TNM Mpamba muli pakhonde, monga a National Bank amachitira pa *626#, n'kukatapa kwa ejenti. Pokankha amadula, potapa amadulanso, ndipo chikwama cha pa foni chili ndi malire a ndalama imene chingasunge. Choncho fizi ya sukulu ndi katundu wa m'sitolo zazikulu ndimalipira kuchokera ku banki mwachindunji, ndipo kwa ejenti ndimangotapa ya ndiwo ndi ya aganyu a kumunda. Ejenti wa pano sakhala ndi ndalama zambiri m'mawa, amadikira kuti ena aikeko kaye. Ndimamuimbira dzulo lake.

“Achimwene, mawa ndifuna handiredi sauzande. Ipezeka?”

“Mubwere chakumasana, akalaliki. Koma musachite kuitchula mokweza pa benchi paja, anthu ayamba kale kunena kuti muli ndi ndondocha ku Amereka.”